Kuchepetsa mchira wa mawu m'tchalitchi chathu: zolemba za ntchito ya eko ndi rivebu

Tchalitchi chathu ndi cha njerwa zopaka pulasitala, pansi simenti, denga la malata lopanda siling'i. Ndi mamita 20 m'litali, mamita 10 m'lifupi, ndipo kuchoka pansi kufika kudenga ndi pafupifupi mamita 5 tikafananiza pakati ndi m'mbali. Anthu okhala kumbuyo akhala akudandaula kuti ulaliki sumveka, mawu amangokwerana. Komiti inali itagwirizana zogula mikisa ina yokhala ndi rivebu, yomwe imawonjezera mchira ku mawu, poganiza kuti yakaleyi yatha. Ndinapempha kuti ndiyambe ndayeza kaye nyumbayi ndalama zisanatuluke, ndipo izi ndi zomwe ndinkalemba ntchito ikuyenda.

4 Meyi: kuyeza nyumba yopanda anthu

Zipangizo: mabaluni a ana, singano, maikolofoni imodzi, mikisa yathu yomweyi, laputopu yokhala ndi Audacity, pulogalamu yojambulira mawu. Ndalama yatuluka ndi ya mabaluni okha. Nyengo ino ndi yabwino kuyezera chifukwa palibe mvula yogogoda malata.

Ndinayamba ndi kujambula kuphulika kwa baluni pa foni koma sizinathandize. Foni imakweza yokha mawu phokoso likamatsika, ndiye mchira wa baluni unkaoneka wautali kuposa momwe uliri. Ndinalumikiza maikolofoni ku mikisa, mikisa ku laputopu, ndikuzimitsa kabatani ka ECHO ka pa mikisa ndi masipika. Maikolofoni pakati pa mabenchi, baluni kuguwa.

Chomwe timayeza chimatchedwa RT60, nthawi yomwe mawu amatenga kuti atsike ndi madesibelo 60 gwero lake litasiya. Madesibelo ndi muyeso wa kukwera kwa mawu. Pamalo ngati athu simungaone madesibelo 60 onse, chifukwa mchira usanathe umamira kale m'phokoso la njinga zamoto ndi ana akusewera panja. Njira yake ndi iyi: sinthani chithunzi cha mawu mu Audacity kuti chizionetsa madesibelo, pezani pomwe mawu atsika ndi 5 kuchoka pamwamba, pezaninso pomwe atsika ndi 25. Nthawi ya pakati pa malo awiriwa muchulukitse katatu. Kwa ife mpatawo unali pafupifupi sekondi imodzi. Ndiye kuti nyumba yathu, mawindo ali otsegula, ili ndi mchira wa masekondi atatu.

Munthu akamayankhula bwinobwino amatulutsa maphatikizo anayi kapena asanu pa sekondi. Tangoganizani kuti pamene abusa afika pa liwu lachitatu, loyamba lija likadazungulira m'malata. Rivebu yomwe komiti imafuna kugula tili nayo kale yambiri, yomangira m'khoma.

Pachithunzipo panaonekanso china. Nditasunthira maikolofoni kuguwa pafupi ndi baluni, kunabwera kaphokoso kachiwiri koonekeratu, mamilisekondi pafupifupi 100 baluni litaphulika. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Kuchoka pomwe pali masipika kufika kukhoma la kumbuyo ndi mamita 17, kupita ndi kubwerera 34, ndipo 34 kugawa ndi 343 akutipatsa 0.1. Ndi khoma la kumbuyolo lomwe likuyankha. Mawu obwerera asanathe mamilisekondi 30 mpaka 50 khutu limawaphatikiza ndi oyambawo, amangomveka onenepa. Akapitirira pamenepo khutu limawamva padera, ndipo ameneyo ndiye eko. Mtsogoleri wa nyimbo wakhala akunena kuti woyimba ng'oma amachedwa. Sachedwa ayi, mtsogoleriyo ndiye akumva ng'oma kawiri.

11 Meyi: kabatani ka ECHO pa mikisa

Lero ndayeza mikisa payokha, nyumba isakulowererapo. Ndinagogoda maikolofoni kamodzi ndi chala, ndikujambula molunjika kuchokera ku mikisa masipika ali ozima, ECHO ili pomwe anyamata amaisiya nthawi zonse.

Kugogoda kumodzi kunabala mzere wa timapiri totalikirana mamilisekondi 180, kalikonse kotsika ndi madesibelo 4 poyerekeza ndi kapitako. ECHO imeneyi ndi dilei, ndipo mmene dilei imagwirira ntchito ndi momwemo: imasunga mawu kanthawi, kenako n'kuwatulutsa. Ikanakhala choncho basi bwenzi mawu akubwerera kamodzi kokha. Kuti abwerere kambiri, gawo la mawu otuluka limabwezeredwa polowera kuti lizungulirenso, ndipo gawo limeneli ndiye fidibaki. Masamu ake ndi awa, pomwe g ndi gawo lobwezeredwalo:

```
kutsika = -20 * log10(g)
mchira  = dilei * 60 / kutsika
```

Mukabweza theka, g = 0.5, kubwerera kulikonse kumatsika ndi madesibelo 6, ndipo pamafunika maulendo 10 kuti mawu azimiririke. Pa mikisa yathu kutsika ndi 4, ndiye maulendo 15, kuchulukitsa ndi 0.18, masekondi 2.7. Choncho liwu lililonse limayamba lakokedwa ndi mikisa pafupifupi masekondi atatu, ndipo kubwerera kulikonse kukatuluka m'sipika nyumba nayo imakupatsa mchira wakewake. Choipa china n'chakuti mikisayi ili ndi kabatani kamodzi kokha, kamene kamangokweza kapena kutsitsa eko. Utali wa dilei ndi fidibaki anazikhomerera m'kati.

Ndinauza mkulu wa komiti kuti tingozimitsa ECHO. Amayi otsogolera kwaya anakana: "Achimwene, mukachotsa ija mawu a mtsikana woyamba nyimbo amauma. Ingochepetsani." Akunena zoona. Pa nyimbo yodekha, woyimba yekha akamaliza mzere, kubwerera kumodzi kapena kuwiri kumadzaza mpata wopumira. Pa ulaliki ndi pa kwaya yonse sikufunika. Ndiye tikufuna dilei ya maikolofoni imodzi yokha, yoti tizitha kusintha utali ndi fidibaki.

18 Meyi: bolodi ya mu ampu yakufa

M'sitolo ya tchalitchi munali ampu ya kariyoke yomwe inapsa kalekale. Gawo la mphamvu ndilo linapsa, koma kabolodi ka maikolofoni kali bwino, ndipo pali chipi ya miyendo 16 yolembedwa PT2399. Ndi chipi yomwe imapezeka m'maampu ambiri a kariyoke. Imadya mavoti 5, imasandutsa mawu kukhala manambala, imawasunga m'kachikumbukiro kake kakang'ono n'kuwabweza. Utali wa dilei umadalira rezista imodzi yochoka pa mwendo wa 6 kupita ku girawundi. Rezista ikakula, wotchi ya m'kati imayenda pang'onopang'ono ndipo dilei imatalika. Poyerekeza chabe:

```
dilei (ms) = 11.46 * R (kilo-ohm) + 29.7
```

Ndadula bolodiyo kuichotsa mu ampu. Zogula kumsika kwa okonza mawayilesi: mapoti awiri a 50k, omwe ndi marezista osinthika powapotokola, regyuleta 78L05, majaki awiri, marezista ndi makapasita ochepa, soda. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi K18,000, ngakhale mitengo ya masiku ano simakhala sabata ziwiri. Adapita ya mavoti 9 ndi bokosi lachitsulo ndinali nazo. Bokosi likhale lachitsulo ndithu, lolumikizidwa ku girawundi, apo ayi mudzamva kung'ung'udza kwa magetsi.

Ndachotsa rezista ya pa mwendo wa 6 ndikuika poti m'malo mwake. Zagwira nthawi yomweyo. Mukamapotokola poti mawu ali m'kati, amapindika kukwera kapena kutsika, chifukwa mawu osungidwa pa liwiro lina akuwerengedwa pa liwiro lina. Si vuto, koma kumbukirani kusagwira poti imeneyi nyimbo ili pakati.

22 Meyi: chipi yangoti zii

Ndayatsa madzulo, mawu oyamba akudutsa koma eko palibe, ndipo 78L05 yatentha. Nditazimitsa, kupotokola poti kufika pakati, ndikuyatsanso, zonse zabwerera. Ndi khalidwe lodziwika la PT2399: mukaiyatsa mwendo wa 6 uli pafupifupi wolunjika ku girawundi, imakakamira ndipo siyamba mpaka mutaizimitsa. Poti inali itasiyidwa pa ziro. Mankhwala ake ndi rezista ya 2k2 yotsatizana ndi poti, kuti ngakhale poti ikhale pansi penipeni pakhalebe kenakake. Ndi rezista imeneyi dilei yaifupi kwambiri yomwe tingapeze ndi mamilisekondi pafupifupi 55.

Mbali ya kumtunda nako kuli malire. Poti ya 50k ikafika kumapeto dilei imapitirira mamilisekondi 600, koma mawu obwerera amadzaza mchenga, kuwayawaya kokhala ngati wayilesi yosagwira siteshoni. Chifukwa chake n'chakuti chikumbukiro cha chipi sichikula, ndi mabiti 44,000 omwewo. Kuti mawu akhalitse m'menemo chipi imayenera kuwatola mwapatalipatali, ndipo ubwino umatsika. Pepala la opanga chipiyi limathera cha pa mamilisekondi 340. Ndaika rezista ya 47k mopingasa pa miyendo iwiri ya poti, zomwe zatsitsa poti kufika pa 24k. Kuphatikiza ndi 2k2 ija, kumapeto kwake ndi mamilisekondi pafupifupi 330. Mnyamata aliyense angapotokole mmene angafunire, safika kumchenga.

26 Meyi: kulira kwa mitundu itatu

Lamulungu loyamba kuyesa bokosi, mapemphero asanayambe. Talumikiza motere: AUX SEND ya mikisa, potulukira mawu opita ku chipangizo china, kupita m'bokosi, bokosi kubwerera ku tchanelo chosagwiritsidwa ntchito. Mawu oyamba ndawadula m'bokosimo kuti lizitulutsa obwerera okhaokha, chifukwa oyambawo akudutsa kale pa tchanelo cha woyimba. AUX yatsegulidwa pa maikolofoni ya woyamba nyimbo yekha.

Titangoyamba masipika analira, ndipo aliyense anathamangira kutsitsa maikolofoni. Apa ndi pofunika kusiyanitsa, chifukwa zonsezi anthu amangoti fidibaki koma mankhwala ake ndi osiyana.

Kulira komwe tonse timakudziwa ndi kwa maikolofoni yomva sipika yake. Ndi kaliwu kamodzi kosongoka, kosadukiza, ndipo kamasiya mukatsitsa maikolofoniyo kapena kuitembenuza. Kwa lero sikunali kumeneko. Kunali kugunda, wu-wu-wu, pa liwiro la dilei, kukukulirakulira, ndipo kunapitirira maikolofoni itazimitsidwa. Kulira kogunda choncho kumatanthauza kuti mawu akuzungulira kudzera mu dilei ndipo g yafika pa 1 kapena kupitirira. Ulendo uliwonse mawu akubwera okwera kuposa wapitawo, ndiye mchira ulibenso mathero.

Njira zozungulira zinali ziwiri. Yoyamba, pa tchanelo chobwererapo bokosi, kabatani ka AUX kanali kotsegula, ndiye mikisa inkatumizanso m'bokosi zomwe bokosi langotulutsa. Ndakatsekera pa ziro ndikumatapo tepi. Yachiwiri inali m'bokosi mwenimweni: poti ya fidibaki ikadutsa magawo atatu mwa anayi, chipi inkadzilira yokha popanda cholowa chilichonse. Oyimba gitala ena amaikonda misala imeneyi, koma m'tchalitchi momwe mikisa imagwiridwa ndi aliyense amene wafika msanga, sindingaisiye.

Onaninso kuti dilei ikakhala yoyaka, kulira kwa mtundu woyamba kuja kumabwera msanga. Maikolofoni imamva mawu obwerera m'sipika n'kuwatumizanso ku bokosi, ndiye g yeniyeni m'nyumba imakhala yokwera kuposa yomwe mwaika pa poti.

1 Juni: kumanga fidibaki

Ndakulitsa rezista yomwe imachoka pa poti ya fidibaki kubwerera kolowera chipi, cha ku mwendo wa 16. Pa bolodi yanga inali 10k. Sindikupatsani nambala yoti mungokopera chifukwa mabolodi amasiyana, koma njira yake ndi yomwe ija ya pa 11 Meyi: poti pamapeto, gogodani kamodzi, jambulani, yezani kutsika pakati pa timapiri. Ndakweza rezista mpaka kutsika kwafika pa madesibelo 5 poti ili mwamba. Tsopano siingadzilire.

Poyeza mudzaona kuti kubwerera kulikonse kumada, mawu osongoka amatha msanga kuposa okhuthala. Ndi masefa omwe azungulira chipi, oikidwa kuti abise phokoso lake, ndipo mawu amadutsamo ulendo uliwonse. Ine ndikuona kuti izi zimatithandiza, popeza mawu obwerera akuda salimbana ndi woyimba. Chomwe chimasautsa ndi mabesi otsalira, ndiye pa tchanelo chobwererapo ndatsitsa LOW kwambiri.

Tsopano utali. Nyimbo yodekha yomwe kwaya imakonda kutsegulira ili pa kugunda 100 pa mphindi. Mphindi ili ndi mamilisekondi 60,000, kugawa ndi 100, kugunda kumodzi ndi 600. Bokosi lathu silifika pamenepo, ndiye tatenga theka lake, 300. Mawu obwerera akagwera pa kugunda kwa nyimbo amabisala m'ng'oma ndipo samveka ngati munthu wachiwiri wosokoneza. Ndi dilei ya 300, onani mmene fidibaki yokha imasinthira zinthu. Pa g = 0.7, pomwe bokosi lathu silifikanso, kutsika ndi madesibelo 3, maulendo 20, mchira wa masekondi 6. Pa g = 0.3 kutsika ndi pafupifupi 10, maulendo 6, masekondi 1.8, ndipo omveka ndi khutu nyimbo ili m'kati ndi awiri kapena atatu oyamba. Utali wa dilei sunasinthe, g yokha ndiyo yasintha, koma mchira wafupika katatu. Taima pa 0.3 ndipo ndalembapo chizindikiro ndi penti ya zikhadabo.

8 Juni: mabulangete kukhoma

Bokosi lakonza mikisa, koma nyumba ikadali ndi masekondi ake atatu ndi khoma loyankha lija. Masamu a zimenezi anawapeza ndi Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard. Mu 1895 anapatsidwa chipinda chophunzitsiramo cha mu Fogg Art Museum chomwe mawu sankamvekamo, ndipo ankanyamula makushoni a pamipando kuchokera ku Sanders Theatre usiku, kuwalowetsa ndi kuwatulutsa, akuyeza ndi chitoliro cha limba ndi wotchi. Chomwe anapeza ndi ichi:

```
RT60 = 0.161 * V / A
```

V ndi kukula kwa chipinda m'makyubiki mita, kwa ife 20 × 10 × 5, ndiye 1,000. A ndi kuchuluka kwa zomeza mawu, kuwerengedwa ngati masikweya mita a windo lotsegula, popeza mawu otulukira pawindo sabwereranso. Simenti ndi pulasitala zimameza magawo awiri kapena atatu okha pa 100 aliwonse. Popeza tinayeza masekondi atatu, A wathu ndi 161 kugawa ndi 3, pafupifupi 54.

Munthu wokhala pansi ndi zovala zake amameza kuchepera pang'ono theka la sikweya mita. Lamulungu la anthu 150 limawonjezera pafupifupi 67, A n'kufika 121, mchira n'kutsika kufika pa masekondi 1.3. Mapemphero a pakati pa sabata a anthu 50 amasiya mchira pa 2.1. N'chifukwa chake madandaulo ambiri amachokera kwa amayi a Lachinayi osati a Lamulungu, ndipo n'chifukwa chakenso zomwe anyamata amakonza Loweruka nyumba ili pululu sizimveka chimodzimodzi m'mawa mwake.

Tagula mabulangete okhuthala 12 a kaunjika, pafupifupi K130,000, kuphatikizapo waya ndi misomali ya simenti. Ndi ndalama yambiri, komabe yosafika pa mtengo wa mikisa ija. Amayi awasoka awiriawiri ndikuwaphimba kumaso ndi nsalu yopepuka ya mtundu umodzi kuti khoma lisaoneke ngati pamsika. Nsalu yakumasoyo ikhale yoti mukaipuzira mpweya ukudutsa. Ya pulasitiki imabweza mawu.

Poyamba tinawapachika mogunda khoma, otambasuka, ndipo baluni linasonyeza kusintha kochepa. Tawatsitsa ndikukoka waya masentimita 15 kuchoka kukhoma, mabulangete ali opindapinda ngati makatani. Pakhoma penipeni mpweya sugwedezeka kwambiri, umagwedezeka kwambiri patali pang'ono, pa gawo limodzi mwa anayi a utali wa funde. Mpata wa masentimita 15 ukugwirizana ndi mawu ogwedezeka maulendo pafupifupi 570 pa sekondi, kapena kuti mahetsi 570, ndipo kuyambira pamenepo kukwera ndi komwe kuli zambiri zothandiza kumva mawu a munthu. Funde la besi ya mahetsi 100 ndi lotalika mamita 3.4, ndiye bulangete siliona n'komwe. Musayembekeze kuti kugunda kwa besi gitala kutha ndi nsalu.

Taphimba masikweya mita 30, kusiya khomo. Nsalu yokhuthala yopindapinda imameza pafupifupi theka, ndiye A wakwera ndi 15 kufika 69, ndipo masamu akuti masekondi 2.3. Baluni lapereka pakati pa 2.3 ndi 2.4. Kutsika kumeneku si kwakukulu, ndipo ndanena poyera ku komiti. Phindu lenileni ndi lakuti kaphiri ka pa mamilisekondi 100 kaja katsika mpaka kubisala mumchira. Masikweya mita 30 omwewo tikanawamwaza m'makoma a m'mbali, RT60 ikanatsika mofanana koma eko wa kumbuyo akanatsala.

15 Juni: bokosili silingapange rivebu

Woyimba kiyibodi anafunsa ngati tingafupikitse dilei ndikukweza fidibaki kuti bokosi lizimveka ngati rivebu pojambula nyimbo. Tayesa pa mamilisekondi 55. Zomveka ndi trrrr, mawu onjenjemera a m'paipi. Dilei imodzi ya 55 imabweza mawu ka 18 pa sekondi, motalikirana mofanana, ndipo khutu limagwira kufananako. M'nyumba yeniyeni mawu amabwerera kuchoka pansi, kudenga ndi m'makoma onse pa nthawi zosiyanasiyana, n'kuchulukirachulukira mpaka kusungunuka. Manfred Schroeder wa ku Bell Labs atalemba mu 1962 za kupanga rivebu ndi makina, anati pamafunika mawu obwerera pafupifupi 1,000 pa sekondi kuti kunjenjemera kusamveke. Iye anaika madilei anayi ogwira limodzi, a utali wosiyana pakati pa mamilisekondi 30 ndi 45, lililonse ndi fidibaki yake, kenako masefa awiri omwaza kubwerera kulikonse kukhala kwambiri. Kabatani ka DECAY, kosinthira utali wa mchira, pa rivebu yotere kamangokweza kapena kutsitsa g m'madilei amenewo. Ndi masamu omwe aja, kungoti njira ndi zambiri.

Ndiye pojambula tigwiritsa ntchito rivebu ya pa laputopu, ndipo pa woyimba yekha wojambulidwa pafupi ndi maikolofoni: DECAY cha pa masekondi 1.5, PRE-DELAY mamilisekondi 30 kuti liwu liyambe lamveka mchira usanalowe, mabesi odulidwa. Maikolofoni za kwaya zatola kale rivebu ya nyumba, sitiwonjezerapo.

23 Juni: pomwe tafika

ECHO ya pa mikisa yamatidwa tepi pa ziro. Bokosi limayatsidwa pa nyimbo zodekha zokha, ndipo woyang'anira mikisa amatseka tchanelo chake woyimba akayamba kuyankhula pakati pa nyimbo. Pa nyimbo zothamanga, za kugunda 130 kapena kupitirira, talizimitsiratu chifukwa mulibe mpata woti mawu abwereremo. Okhala benchi lomaliza akuti zolengeza zikumveka.

Zotsala ndi ziwiri. Mukaomba m'manja pakati pa nyumba, makoma a m'mbali akumaponyerana mawu, kunjenjemera komwe kale kunkabisala mumchira wautali uja. Pakufunika nsalu khoma limodzi lokha, pakati pa mawindo. Chinanso masipika akuloza molunjika kukhoma la kumbuyo, pamwamba pa mitu ya anthu. Kalipentala wapatsidwa miyezo ya timashelefu toti tiwakweze ndikuwaweramitsa kuloza mabenchi, ndipo akangomaliza ndiyezanso ndi baluni pa malo omwe aja.